Intaneti ya pa waya wa foni ikamaduka madzulo alionse: zimene manambala a modemu amanena

Kwa miyezi iwiri intaneti ya kunyumba kwathu kuno ku Britain inkaduka madzulo alionse, cha m'ma 7 koloko, nthawi yomwe timaimbira foni kumudzi. Kagetsi ka `DSL` pa modemu kankayamba kuphethira, pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri n'kubwerera, koma liwiro litatsika. M'mawa ndikaimbira foni a kampani, iwo ankayeza laini n'kundiuza kuti zonse zili bwino. Sankanama. Pa nthawi imene ankayezayo laini inalidi bwino. Vuto langa linali loti ndinkaona manambala a modemu kamodzi kokha patsiku, ndipo nthawi yake inali yolakwika.

Zimene ndifotokoze pano zikukhudza intaneti yodzera pa waya wamkuwa wa foni, yomwe pa modemu imalembedwa kuti `ADSL`, `ADSL2+` kapena `VDSL2`. Ngati faiba inafika mpaka m'nyumba mwanu, kapena mumagwiritsa ntchito rauta ya simukhadi, manambala awa simuwapeza.

Kuti muwaone, tsegulani bulawuza pa kompyuta kapena pa foni yolumikizidwa ku modemu, n'kulemba adiresi ya modemuyo. Kawirikawiri imakhala `192.168.1.1`, `192.168.0.1` kapena `192.168.1.254`, ndipo imalembedwa pa kapepala komatidwa pansi kapena kumbuyo kwake pamodzi ndi pasiwedi. Mukalowa, funani tsamba lolembedwa kuti `DSL Status`, `Broadband` kapena `Statistics`. Yanga masana a tsiku lina inkaonetsa izi:

```
                      Downstream   Upstream
Rate (kbps)           7104         910
Line Attenuation (dB) 41.0         23.5
SNR Margin (dB)       6.2          6.5
CRC Errors            38           2
```

`Rate` ndi liwiro la laini. Mzere wa `Downstream` ndi wa zobwera kwa inu, wa `Upstream` ndi wa zochoka kwa inu. Pa vuto ngati langa, maso akhale pa zobwera. Chenjezo limodzi musanachite mantha: mamodemu ena amalemba `0.1 dB` pafupi ndi dzina la mzere, kenako n'kuonetsa 410 ndi 62. Amenewo ndi 41.0 ndi 6.2 omwe aja, mungogawa ndi 10.

Tiyambe ndi `Line Attenuation`. Munthu akakuwa ali tsidya lina la dambo, mawu ake amakufikani atafooka, ndipo dambo likakula amafookeratu. Siginolo nayo imachoka pa makina a kampani ili ndi mphamvu, n'kumataya mphamvuyo pa mita iliyonse ya waya. Nambalayi ikunena kuchuluka kwa mphamvu imene yatayika panjira, choncho ikachepa ndiye kuti zili bwino. Imayezedwa m'madesibelo, omwe amalembedwa kuti dB, ndipo madesibelo sawerengedwa ngati makilogalamu a chimanga. Madesibelo 3 akutanthauza kuti theka la mphamvu lapita. Madesibelo 10 ndiye kuti latsala gawo limodzi mwa magawo 10, madesibelo 20 limodzi mwa 100, ndipo pa madesibelo 40 latsala gawo limodzi mwa 10,000. Laini yanga ya 41 inkandibweretsera kadontho chabe ka zimene zinatumizidwa, komabe modemu inkatha kumva.

Pa `ADSL`, waya wopyapyala wa mamilimita 0.4 umataya pafupifupi madesibelo 14 pa kilomita, wonenepa pang'ono umataya ocheperapo. Ndiye 41 akusonyeza kuti pakati pa ine ndi ekisichenji, nyumba ya makina a kampani kumene mawaya a foni amachokera, pali waya wa makilomita atatu kapena kuposerapo pang'ono. Umenewu ndi utali wa waya, osati wa msewu, chifukwa waya umazungulira mmene anaukumbira kalekale. Liwiro la 24 Mbps lomwe `ADSL2+` imatchuka nalo limafikiridwa ndi okhawo okhala pafupi kwambiri ndi ekisichenji. Nambalayi ikafika cha m'ma 40, liwiro la pakati pa 6 ndi 8 Mbps ndi labwinobwino. Ikadutsa 55 muli kumapeto kwenikweni, ndipo kupeza 2 Mbps n'kothokoza. Mamodemu ena akale sapitirira 63.5 ngakhale laini italike bwanji.

Chofunika kwambiri pa nambala imeneyi si kukula kwake koma kukhazikika kwake. Nyumba yanu siisuntha, ekisichenji siisuntha, ndiye nambalayi iyenera kukhala yomweyo lero, mawa ndi mwezi wamawa, mwina kusintha ndi theka la desibelo kapena desibelo imodzi. Ikalumpha kuchoka pa 41 kufika pa 47 popanda chimene mwasintha, penapake pa waya pawonongeka: polumikizira pachita dzimbiri, kapena madzi alowa m'bokosi la panja. Kungoti mukasintha modemu, kapena laini ikachoka pa `ADSL` kupita pa `ADSL2+`, nambalayi imatha kusintha ndi madesibelo angapo waya uli bwinobwino, chifukwa kayezedwe kake kasintha. Yerekezerani manambala a modemu imodzi yomweyo.

Yanga inali 41.0 m'mawa, 41.0 madzulo, 41.0 mvula ikugwa. Zimenezi zinandiuza kuti waya wa mumsewu suli ndi vuto lalikulu, ndipo ndinasiya kuuimba mlandu.

Nambala yachiwiri, `SNR Margin`, ena amailemba kuti `Noise Margin`, ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Tibwerere ku dambo kuja. Mawu a mnzanu angathe kukufikani atafooka koma n'kumamvekabe ngati kuli zii. Wina akaliza chigayo pafupi nanu, mawu omwewo simuwamvanso, ngakhale mtunda sunasinthe. Pa waya pamakhalanso phokoso la magetsi, lochokera ku mawaya a anansi omwe ali m'chingwe chimodzi ndi wanu, ku mawayilesi, ndi ku zipangizo za m'nyumba. Modemu ikamalumikizana ndi makina a kampani imayeza phokoso limene lilipo pa nthawi imeneyo, n'kusankha liwiro limene ingakwanitse, koma imasiyako mpata woti phokoso likawonjezeka laini isagwe. Mpata umenewo ndiwo `SNR Margin`. Makampani ambiri amauika pa madesibelo 6. Phokoso likakwera, mpata umachepa. Ukafika pafupi ndi ziro, zolakwika zimachuluka, laini imaduka, ndipo modemu imayambiranso kukambirana.

Apa ndi pamene pali msampha umene unandikola. Laini yanga ikaduka 7 koloko madzulo, modemu inkalumikizanso phokoso lili pachimake. Kuti isunge mpata wa madesibelo 6 pakati pa phokoso lotero, inkavomera liwiro lotsika, cha m'ma 5300 kbps. Usiku phokoso likatha, liwiro silinkabwerera lokha, chifukwa limasankhidwa pa nthawi yolumikiza basi. Chimene chinkakwera ndi mpata. Ndiye m'mawa ndikatsegula tsamba lija ndinkapeza 11 dB, n'kumasangalala kuti laini yanga ndi yamphamvu. Chonsecho 11 ameneyo anali chipsera cha zimene zinachitika dzulo madzulo. Mpata waukulu pamodzi ndi liwiro lotsika si nkhani yabwino. Zikusonyeza kuti laini inalumikiza pa nthawi yoipa, kapena kuti makina a kampani aimanga dala.

Mpata ndi liwiro zimagulana, ndipo mtengo wake mungauwerengere. `ADSL` imagawa waya m'timisewu tambirimbiri ta mafunde, kalikonse kotambalala makilohezi 4.3125. `ADSL` yoyamba ili ndi timisewu 256, `ADSL2+` ili ndi 512. Kamsewu kalikonse kamatumiza katundu wake maulendo 4,000 pa sekondi, ndipo kuti kanyamule biti imodzi yowonjezera, kutanthauza kachidutswa kakang'ono kwambiri ka uthenga, pa ulendo uliwonse kamafuna pafupifupi madesibelo 3 owonjezera pamwamba pa phokoso. Pa laini yaitali ngati yanga timisewu ta mafunde apamwamba timafika titafa kale, ndiye tiyerekeze kuti togwira ntchito ndi 250. Mukalanda madesibelo 3, kamsewu kalikonse kamataya biti imodzi, ndipo 250 kuchulukitsa ndi 4,000 ndi mabiti 1,000,000 pa sekondi, kutanthauza 1 Mbps. Ine phokoso linkandidyera madesibelo 5, ndipo liwiro linkatsika kuchoka pa 7100 kufika pa 5300 kbps, kutanthauza kutsika ndi 1.8 Mbps. Masamu ake akugwirizana ndithu.

Pali chinanso chimene okhala ku Britain ayenera kudziwa. Makina a kampani amayang'anira laini iliyonse okha, ndipo akaona kuti ikuduka kawirikawiri amakweza mpata woyambira kuti laini ikhazikike. Pa `ADSL` amakweza madesibelo atatuatatu: 6, 9, 12, mpaka 15. Sitepe iliyonse ikukudyerani liwiro monga tawerengera muja. Makinawo sasiyanitsa bwino laini yoduka yokha ndi munthu wokwiya amene akuzimitsa ndi kuyatsa modemu kasanu pa ola. Choncho chizolowezi chozimitsa modemu nthawi iliyonse intaneti ikachedwa chingakutsitsireni liwiro kwa masiku ambiri. Njira yodziwira ngati mwamangidwa ndi yosavuta: onani mpata modemu itangolumikiza kumene masana. Ngati ukuyambira pa 12 kapena 15 m'malo mwa 6, makina ndiwo auika pamenepo.

Chimene chinandithandiza ndi kope ndi cholembera. Kwa masiku atatu ndinalemba mpata, liwiro ndi `CRC Errors`, zomwe ndi zolakwika za pa laini, m'mawa, masana, 6 koloko, 7 koloko, 9 koloko ndi pogona, osazimitsa modemu ngakhale kamodzi. Tsiku limene laini inalumikiza masana pa 7104, mpata unali 6.2 pa 1 koloko, 5.4 pa 6 koloko, kenako mwadzidzidzi 1.5 itangokwana 7 koloko. Manambala a `CRC` omwe tsiku lonse anangofika 38 anakwera ndi mazanamazana pa mphindi zochepa, laini n'kuduka.

Kaonekedwe ka kutsikako kamanena zambiri. Mpata ukamatsika pang'onopang'ono dzuwa likamalowa, ndi madesibelo awiri kapena atatu, n'kukweranso m'bandakucha, chimenecho n'chachilengedwe. Amene munakula mukumvera wayilesi ya mafunde apakati mukukumbukira kuti usiku mumagwira masiteshoni akutali omwe masana samveka. Mafunde amenewo, kuyambira cha pa makilohezi 530 mpaka 1,600, ali ndendende m'dera limene `ADSL` imagwiritsa ntchito, chifukwa yoyamba imafika pa makilohezi 1,104 ndipo `ADSL2+` imafika pa 2,208. Usiku waya wa foni umasanduka mlongoti n'kumatola masiteshoniwo. Mpata wa madesibelo 6 anauikira zoterezi. Koma mpata ukagwa kamodzi n'kamodzi ngati munthu wagwera m'dzenje, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, pali chipangizo chimene wina wayatsa.

Zoterezi zinachitikapo mudzi wonse. M'chaka cha 2020 kunamveka nkhani ya mudzi wa Aberhosan ku Wales, kumene intaneti inkavuta 7 koloko m'mawa uliwonse kwa miyezi 18. Amisiri a Openreach, kampani yosamalira mawaya a foni, anafika posintha mawaya koma vuto silinathe, mpaka anayenda m'mudzimo ndi makina oyezera mafunde n'kupeza kuti wolakwa anali wailesi yakanema yakale imene mwini wake ankayatsa nthawi imeneyo.

Pa `CRC` ndi `FEC` ndingonena mwachidule. `FEC` ndi zolakwika zimene modemu yakonza yokha, ndipo ngakhale zifike mamiliyoni musataye nazo tulo. `CRC` ndi zimene zalephera kukonzeka. Nambala yake payokha siinena kanthu ngati simukudziwa kuti laini yakhala yolumikizidwa nthawi yaitali bwanji: 500 pa sabata si kanthu, 500 pa mphindi zisanu ndi vuto. Ngati modemu yanu ili ndi `ES`, imene imawerenga masekondi omwe munali cholakwika, imeneyo ndi yosavuta kuitsatira.

Nditadziwa kuti ndi phokoso la chipangizo, funso linali loti likulowera m'nyumba mwanga kapena kunja. Nyumba zambiri za kuno zili ndi soketi yaikulu pamene waya wa kampani umathera, ndipo ambiri mwa masoketi amenewa ali ndi chivundikiro chakutsogolo chimene mwini nyumba amaloledwa kuchotsa. Pa akale mumamasula timasikuluwu tiwiri, pa atsopano mumangofinya m'mbali. Kuseri kwake kuli soketi ina yoyesera. Mukachotsa chivundikirocho, mawaya onse opita ku zipinda zina amachoka pa laini, ndipo mumatsala inu ndi waya wa kampani basi. Za kuseri kwa soketi yoyesera musazikhudze, zimenezo ndi za kampani.

Ndinanyamula modemu kuichotsa pabalaza, n'kuilumikiza pa soketi yoyeserayo ndi fyuluta yatsopano, kabokosi kolekanitsa foni ndi intaneti, ndi kawaya kafupi kamene kanabwera ndi modemuyo. Ndinachita zimenezi masana, kamodzi kokha. `Line Attenuation` inangosintha pang'ono kufika pa 40.5, monga ndinkayembekezera, chifukwa mamita ochepa a m'nyumba ndi ochepa poyerekeza ndi makilomita atatu. Koma liwiro linakwera kufika cha m'ma 7600, ndipo madzulo amenewo mpata unangotsika kuchoka pa 6.1 kufika pa 4.3, laini osaduka. Vuto linali m'nyumba mwanga.

Wolakwa woyamba anali waya wowonjezera wa mamita 10, wophwatalala uja wotchipa, umene ndinaudutsitsa kuseri kwa mipando kuchokera pa soketi kukafika pa modemu. Waya wa foni weniweni umakhala ndi timawaya tiwiri topotana, ndipo kupotanako kumachititsa kuti phokoso ligwere tonse tiwiri mofanana n'kufafanizika. Wophwatalala ulibe chitetezo chimenecho. Wolakwa wachiwiri ndinamupeza ndi kawayilesi ka mabatire. Ndinakaika pa mafunde apakati, pamalo opanda siteshoni cha pa makilohezi 612, n'kumayenda nako m'nyumba 7 koloko itakwana. Nditafika pakona ya pabalaza kanayamba kulira mwaukali ngati njuchi zili m'chitini. Inali adaputa ya nyale yoimika pansi imene mayi a kunyumba amayatsa tikamadya nsima, ndipo waya wophwatalala uja unkadutsa pambali pake penipeni. Nditazimitsa nyale, kulira kunatha. Ndinabwezera modemu pabalaza tsiku lina kuti nditsimikize, ndipo ndinaona ndi maso anga mpata ukugwa ndi madesibelo anayi nyale ikayaka, n'kubwerera ikazima. Ngati mulibe wayilesi, zimitsani zipangizo chimodzichimodzi uku mukutsitsimutsa tsamba la modemu. Yambani ndi machaja otchipa, maadaputa a malaputopu, nyale za Khirisimasi ndi wailesi yakanema yakale.

Nyumba zakale za kuno zili ndi kachinthu kenanso. Foni imayenda pa timawaya ta pa nambala 2 ndi 5 kuseri kwa chivundikiro chija, koma pa nambala 3 pamakhala kawaya kachitatu komwe kale kankalizitsa belu la mafoni a m'zipinda. Kalibe mnzake wopotana naye, ndiye kamatola phokoso n'kulithira pa laini. Mafyuluta a masiku ano amalizitsa foni okha, choncho kawayako kangachotsedwe. Ngati pa soketi yoyesera zinthu zili bwino koma mukabwezera chivundikiro zikuipa, kaganizireni kameneka.

Zikanakhala kuti pa soketi yoyesera mpata ukugwabe chimodzimodzi, ndikanadziwa kuti nkhani yapitirira pakhomo panga. Pamenepo zizindikiro zoti mutolere ndi izi. Ngati laini yanu ikadali ndi foni ya waya yakale, lumikizani foni pa soketi yoyesera, imbani `17070` n'kusankha `2`, ndipo mumvetsere. Payenera kukhala zii. Kuthetheka ngati nkhuni zikuyaka kumasonyeza polumikizira poipa, makamaka ngati kumakula mvula ikagwa kapena mphepo ikamagwedeza waya wa pa mtengo. Intaneti ikamaduka foni ikalira, sinthani kaye fyuluta, ndipo ikapitiriza ndi fyuluta yatsopano pa soketi yoyesera, ndi chizindikiro chinanso cha polumikizira pa dzimbiri. Malaini ambiri atsopano alibenso foni yotereyi, ndiye kwa amenewo umboni ndi kope lanu lija basi. Poimbira kampani musangoti intaneti ikuvuta. Nenani kuti muli pa soketi yoyesera, mwasintha fyuluta ndi waya, `Line Attenuation` inali yakuti mwezi watha ndipo lero ndi yakuti, mpata ukugwa nthawi yakuti. Kuyesa kumeneku kumatetezanso thumba lanu, chifukwa mmisiri akabwera n'kupeza kuti vuto lili pa mawaya a m'nyumba mwanu, mungathe kulipitsidwa ulendo wakewo.

Amene muli pa `VDSL2`, pomwe faiba imafika pa bokosi lobiriwira la mumsewu ndipo mkuwa umangomaliza kachigawo kotsala, kawerengedwe ka mpata ndi komweko. Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga masamu a madesibelo 14 pa kilomita aja, chifukwa `VDSL2` imagwiritsa ntchito mafunde okwera kwambiri, mpaka kupitirira makilohezi 17,000, omwe amafooka msanga. Mamodemu ena amaonetsa manambala atatu a `Line Attenuation`, `D1`, `D2` ndi `D3`, ndipo si zachilendo kuti lomaliza likhale lalikulu kwambiri. Mukaonanso `Attainable Rate`, liwiro lalikulu limene laini ingakwanitse, ikutsika pang'onopang'ono pa miyezi ingapo pomwe `Line Attenuation` ili pomwepo, kawirikawiri ndi anansi amene akulowa pa bokosi lomwelo, siginolo zawo n'kumadumphira pa waya wanu. Chimenecho simungachikonze muli m'nyumba.

Kwathu modemu tsopano imakhala pa kashelefu pafupi ndi soketi yaikulu, pa waya wosakwana mita imodzi, ndipo pabalaza intaneti imafika pa wayifai. Adaputa ya nyale ndinagula ina. Madzulo mpata umatsikabe kufika cha pa 4, ndipo ndimausiya choncho. Papita milungu isanu ndi umodzi laini isanaduke, ili pa 7600.